Mphindi 30 za alamu anga

Mwezi wa Okutobala chaka chatha, alamu anga, akazi awo a achimwene, anandipeza kunyumba ndikuchonga makope a Fomu 3. Anakhala pamkeka, tinapatsana moni, ndipo atafunsa za ana anatulutsa kapepala m'chikwama. Kanali ka zotsatira za mayeso awo a MSCE omwe analemba zaka khumi zapitazo. Maphunziro ena anakhoza bwinobwino, koma pa masamu panali 8. Sukulu yomwe akufuna kukachitako maphunziro a ntchito imafuna kirediti ya masamu, kutanthauza 6 kapena nambala yocheperapo.

"Alamu, ndikufuna ndilembenso. Koma musandinamize, nthawi ndilibe. Ndawerengetsera, ndingapeze mphindi 30 patsiku basi," anatero.

Sankakokomeza. Amagwira ntchito m'golosale ya munthu wina patauni yathu yaing'ono, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, Lolemba mpaka Loweruka. Akaweruka kumawadikira kuphika, ana atatu ndi apongozi awo, amayi anga, omwe miyendo ikuwavuta. Ndalama yolembetsera mayeso anaisunga kubanki m'khonde kwa miyezi ingapo, ndipo achimwene anavomera monyinyirika, akuti ndi komaliza.

Ndiyambe ndi kuulula kulakwa kwanga. Tsiku lomwelo ndinawajambulira ndondomeko yokongola, yonga ija timamata pakhoma la kalasi. Popeza ankalakalaka kukonzanso mapointi a maphunziro ena, ndinaika masamu Lolemba, Chingerezi Lachiwiri, bayoloje Lachitatu, choncho mpaka Loweruka. Patatha masabata atatu ndinawafunsa zomwe anawerenga Lolemba loyamba lija. Anandiyang'ana, kenako anaseka mwamanyazi. Sankakumbuka ngakhale mutu wake. Vuto silinali mutu wawo. Ndondomeko yanga inkachititsa kuti chinthu akachiona kamodzi, apitirire masiku asanu ndi awiri asanachionenso, ndipo pofika tsikulo ankatsegula tsamba lina latsopano. Kunali ngati kutungira madzi m'dengu.

Za kuiwala kotereku zinadziwika kale. M'chaka cha 1885 katswiri wina wa ku Jeremani, Hermann Ebbinghaus, anafalitsa zomwe anapeza atadziyesa yekha poloweza timawu topanda tanthauzo. Anaona kuti kuiwala kumathamanga kwambiri m'maola ndi m'tsiku loyamba, kenako kumayenda pang'onopang'ono, komanso kuti chinthu ukachibwereza patapita nthawi sichivuta ngati poyamba. Choncho munthu wa mphindi 30 asade nkhawa kwambiri ndi kuchuluka kwa masamba omwe awerenge sabata ino. Chofunika kuwerengetsera n'chakuti chomwe waphunzira Lolemba adzakumana nachonso liti.

Tinang'amba ndondomeko ija n'kuyamba ndi masamu a nthawi. Mphindi 30 kwa masiku asanu ndi limodzi ndi maola atatu pasabata. Kuchokera mu Novembala kufika pakati pa Juni, nyengo yomwe mayeso a MSCE amakhala atayandikira, pali masabata pafupifupi 32. Ndinachotsapo anayi a maliro, matenda ndi Khirisimasi, pakuti amenewo sapempha chilolezo. Anatsala 28, omwe ndi maola 84. Mwana wa Fomu 3 ndi 4 pasukulu yathu amakumana ndi masamu pafupifupi tsiku lililonse, mphindi 40 nthawi imodzi, kwa zaka ziwiri, ndipo ena amalepherabe. Maola 84 mukawagawira maphunziro asanu ndi limodzi, lililonse limapeza maola 14. Palibe kirediti yomwe ingachoke pamenepo. Alamu anakhumudwa, koma tinagwirizana kuti chaka chino ndi masamu okha. Kwa ine ichi ndicho chiganizo chovuta kuposa zonse mundondomeko ya munthu wapantchito, ndipo ambiri amachizemba chifukwa kulembetsa maphunziro ambiri kumaoneka ngati khama.

Ngakhale m'masamu momwemo sitikanatha kugwira mitu yonse. Ndinabwereka mapepala a mayeso a zaka zisanu zam'mbuyo, n'kuwauza kuti m'sabata yoyamba asawerenge kanthu, koma angoyang'ana funso lililonse n'kuika chizindikiro: ili ndingalithe, ili ndinalidziwapo kale, ili sindinalimvepo chibadwire. Mafunso a gulu lapakati ndiwo tinayamba nawo. Pamenepo m'pomwe pali malikisi otchipa, chifukwa maziko alipo kale, angokwiririka ndi fumbi. Mitu ingapo ya gulu lachitatu tinaisiya dala, tidzaiona ngati nthawi idzatsale.

Nthawi yake anasankha okha: 5 koloko m'mawa mpaka hafu pasiti, ataika madzi osamba pambaula, ana asanadzuke. Madzulo anayesapo koma ankagona buku lili pachifuwa. Amagwiritsa ntchito nyale ya sola, ndipo foni imatsala kuchipinda. Wotchi ndi ija yapakhoma. Poyamba ankati foni ndiyo iziwauza nthawi, koma ndikudziwa kuti gulu la mpingo ndi la banki m'khonde sagona.

Mphindi 30 zimenezo zili ndi magawo atatu osafanana. Zisanu zoyamba buku limakhala lotseka. Amatenga pepala n'kulemba zomwe akukumbuka za dzulo, kapena kusova funso limodzi la dzulo osaonera. Mphindi 20 zotsatira ndi za ntchito ya tsikulo, cholembera chili m'manja. Zisanu zomaliza amachonga, kenako amalemba pamwamba pa tsamba lotsatira funso lomwe adzayambire mawa. Kagawo komalizaka kamaoneka kachabe koma kamapulumutsa zambiri. Masabata oyamba aja alamu ankataya mphindi khumi akufunafuna kope, kusola pensulo ndi kuganiza poyambira. Kwa mwana wasukulu mphindi khumi si kanthu. Kwa iwo ndi limodzi mwa magawo atatu a tsiku lonse la maphunziro.

Za kutseka buku tinakanganapo ndithu. Iwo ankati n'kutaya nthawi, bola kuwerenganso kuti zikhazikike. Kuwerenganso kumakoma chifukwa zonse zimaoneka zodziwika, ndipo munthu amagwedeza mutu pamzere uliwonse. Koma kuzindikira chinthu chili patsamba n'kosiyana ndi kuchitulutsa m'mutu uli m'chipinda cha mayeso. M'chaka cha 2006 akatswiri awiri a ku Amereka, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anapatsa ophunzira nkhani yoti awerenge. Ena anaiwerenga mobwerezabwereza, ena anaiwerenga kamodzi kenako n'kumalemba zomwe akukumbuka osaonera. Atayesedwa patangopita mphindi zisanu, obwereza aja ndiwo anachita bwino. Atayesedwa patapita sabata zinthu zinatembenuka: odziyesa aja anakumbuka zambiri. Mayeso a alamu sabwera patapita mphindi zisanu, ndiye ndinaumirira.

Kuti sabata ioneke bwino, nditenge imodzi yeniyeni, ya mu Januwale, pomwe ankaphunzira masamu aja opeza manambala awiri obisika, x ndi y, kuchokera m'mizere iwiri.

Lolemba ndi tsiku la chatsopano, ndipo chatsopanocho chimakhala chimodzi. Anawerenga chitsanzo chosovedwa kale m'buku, mzere ndi mzere. Kenako anachiphimba ndi dzanja n'kuchisova okha. Chinali chotere:

```
2x + y = 11
x − y = 1
```

Mukaphatikiza mizere iwiriyi, y amachoka, mumatsala ndi 3x = 12, ndiye x ndi 4, y ndi 3. Mphindi 20 zinathera pa chitsanzo chimenechi ndi china chimodzi chofanana nacho. Anadandaula kuti tsiku lonse angosova masamu awiri. Ndinawauza kuti awiriwo ndi okwanira, bola mawa adzawathe buku lili chitsekere.

Lachiwiri sipabwera chatsopano. Ndi tsiku loyeserera zomwezo, mafunso anayi kapena asanu, kuyambira osavuta. Apa m'pomwe panatulukira nkhani. Funso lachitatu linali ili:

```
3x + 2y = 16
3x − y = 1
```

Anadziwa kuti apa tiyenera kuchotsera mzere wachiwiri ku woyamba kuti 3x achoke. Koma pa y analemba kuti 2y kuchotsa y ndi y, ndipo anapeza kuti y ndi 15. Atabwezera 15 mumzere woyamba, x anatuluka nambala yamtundu wachilendo, yoduka komanso yapansi pa ziro. Anangoilemba n'kupitirira. Cholondola n'chakuti y wa mumzere wachiwiri ali kale ndi chizindikiro chochotsera, ndiye kumuchotsanso n'chimodzimodzi kumuwonjezera: 2y − (−y) = 3y. Choncho 3y = 15, y ndi 5, x ndi 2. Kumbuyo kwa buku kunali yankho, ndipo pochonga anaona kuti aphonya, koma sanadziwe chifukwa chake. Analemba funsolo kumapeto kwa kope, komwe tinapatula masamba a zolakwa.

Masamba a zolakwa amenewa ndiwo chuma chachikulu cha munthu wophunzira yekha. Pafunso lililonse lomwe laphonyedwa amalemba zinthu zitatu: funsolo, pomwe panakhota, ndi tsiku. Sakopera yankho lolondola, kuopa kuti pobwereza angamaliyang'ane. Pomwe panakhota akapanda kupaona amasiya mpata, ndipo ine ndimadzapaona Lamulungu.

Lachitatu limayamba ndi funso lophonyedwa lija, kenako sitepe yachiwiri ya mutu womwewo. Sabata imeneyo inali ya mafunso omwe mzere umodzi uyenera kuchulukitsidwa kaye kuti x kapena y afanane. Tsiku lomwelo anaphunziranso kudzichonga osadalira kumbuyo kwa buku: kutenga mayankho onse awiri n'kuwabwezera mumzere womwe sunagwiritse ntchito pomaliza. Akanachita zimenezi Lachiwiri akanapeza −29 pomwe pamayenera kukhala 1, n'kudziwa nthawi yomweyo kuti china chalakwika. M'chipinda cha mayeso mulibe kumbuyo kwa buku, ndiye luso limeneli ndimaliwerengera ngati gawo la mutu uliwonse.

Lachinayi ndi la mafunso monga momwe amabwerera pamayeso, makamaka aja a m'mawu. Ndinawalembera limodzi la m'golosale mwawo: makope atatu ndi mabolopeni awiri ndi K1,600, pomwe kope limodzi ndi bolopeni imodzi ndi K600, mtengo wa chilichonse ndi wotani? Anayankha m'mutu asanagwire n'komwe pensulo, kuti kope ndi K400, bolopeni K200. Munthu wogulitsa tsiku ndi tsiku samuvuta zimenezi. Chomwe chinawatengera mphindi 20 n'kulemba nkhaniyo ngati 3x + 2y = 1600 ndi x + y = 600, n'kuonetsa njira. Ochonga mayeso amapereka malikisi panjira, osati payankho lokha, ndipo akuluakulu ambiri amataya malikisi chifukwa chodziwa yankho msanga.

Lachisanu ndilo tsiku lomwe ndimalitchinjiriza kuposa onse, ndipo ndilo alamu amadana nalo. Mutu wa sabata ino sukhudzidwa. Amasova mafunso anayi osakanikirana: limodzi la sabata yatha, limodzi la masabata awiri kapena atatu apitawo, limodzi la kale kwambiri, ndi limodzi la m'masamba a zolakwa. Ndimawalembera pakapepala osatchula mitu yake. Chifukwa chake n'chakuti Lachiwiri, mafunso onse akakhala a mtundu umodzi, munthu safunika kuganiza kuti apa pakufunika njira iti. Wauzidwa kale ndi mutu wa tsambalo. Pamayeso funso la maseti limatsatana ndi la makona atatu, ndipo palibe wokunong'oneza. Lachisanu alamu amaphonya kwambiri kuposa masiku ena onse, amachoka pampando atakwinya nkhope. Ine ndikaona tsamba la Lachisanu lili ndi zofufutafufuta ndimadziwa kuti ntchito ikugwirika. Ndikaona onse anayi akhoza mosavuta masabata awiri otsatizana, ndimadziwa kuti mafunso anga ndi ofewa kapena aposachedwa kwambiri.

Loweruka ndi kamayeso. Mphindi 20 ndi wotchi, buku lili kuchipinda, mafunso ochokera m'mapepala akale, kenako mphindi khumi zochonga. Kuchuluka kwa mafunso timakupeza poona pachikuto cha pepala: pepala la malikisi 100 la maola awiri limapereka mphindi imodzi ndi kachidutswa pa malikisi amodzi, ndiye mphindi 20 zimayenera mafunso a malikisi 16 kapena 17. Zomwe apeza amalemba pachikuto cha kope, mzere umodzi pasabata. Loweruka la sabata imeneyo anapeza 9 pa 16.

Lamulungu ndi lopuma, koma tikachoka kutchalitchi amandibweretsera kope kwa mphindi zochepa. Sindiphunzitsa. Ndimangowerenga masamba a zolakwa. Tsiku limenelo ndinaona kuti mwa zolakwa zisanu ndi ziwiri za sabatayo, zisanu zinali za chinthu chimodzi, kuchotsa nambala yapansi pa ziro. Njira ya x ndi y ankaidziwa bwino. Chomwe chinkawagwetsa ndi phunziro la Fomu 1. Ndondomeko inkati sabata yotsatira tilowe mutu wina, koma tinaiika pambali n'kuthera masiku asanu ndi limodzi pa manambala apansi pa ziro okhaokha. Ndinawafotokozera ndi buku la ngongole la m'golosale: kasitomala ali ndi ngongole ya K500, bwana akafufuta ngongoleyo, kasitomalayo walemera ndi K500. Kuchotsa ngongole n'kuwonjezera. Anati akanauzidwa choncho ali Fomu 1 bwenzi zonsezi kulibe. Sindinayankhe, chifukwa nanenso ndaphunzitsa mutu umenewu zaka zambiri pongolemba lamulo pabolodi.

Wina angafunse kuti nanga yemwe alibe mlamu mphunzitsi atani. Zambiri mwa izi munthu angathe yekha. Mafunso a Lachisanu mungawalembe patimapepala tsiku lomwe mwaphunzira mutuwo, n'kutiponya m'chitini, Lachisanu n'kutola tinayi osayang'ana. Masamba a zolakwa mungawawerenge nokha, n'kufufuza cholakwa chomwe chabwera katatu. Chomwe simungathe nokha ndi funso lomwe mwalephera kawiri osaona pomwe pakukhota. Limenelo musalimbane nalo tsiku lachitatu, chifukwa likudyerani theka la sabata. Lilembeni, mukafunse mphunzitsi wapafupi kapena mwana wa Fomu 4 wapamudzi. Aphunzitsi ambiri sitikana funso limodzi lolembedwa bwino. Chomwe timathawa ndi munthu wobwera ndi buku lonse kuti tiyambe tsamba loyamba.

Masiku ophonya aliko. Mu Febuluwale kunagwa maliro kwawo kwa alamu ndipo anakhalako masiku anayi. Kumapeto kwa mwezi uliwonse amawerenga katundu m'golosale mpaka usiku, m'mawa mwake n'kulephera kudzuka. Poyamba ankafuna kubweza ngongole, kuti akaphonya Lachiwiri, Lachitatu achite ola lathunthu. Ola limenelo silipezeka, ndiye ngongole imakula, munthu amayamba kuliopa kope ngati mwini ngongole, mapeto ake n'kusiyiratu. Tinapangana kuti tsiku limodzi likaphonyeka, Lamulungu lilowe m'malo mwake. Akaphonyeka awiri kapena kuposa, sabata imeneyo ilibe chatsopano: masiku otsalawo achite ntchito ya Lachisanu ndi ya Loweruka, mutu watsopano udikire Lolemba. Kuchedwa ndi mutu umodzi kumapweteka pang'ono poyerekeza ndi kutaya mitu isanu yomwe inali itayamba kukhazikika.

Pali china chomwe mphindi 30 sizingapereke, ndipo ndinawauza poyera. Mayeso a masamu ali ndi mapepala awiri, ndipo lililonse limafuna kuti munthu akhale pampando maola awiri kapena kuposa. Yemwe wazolowera mphindi 20 amayamba kutopa pakati, dzanja limawawa, maganizo amapita kunyumba. Choncho masabata anayi omaliza tidzasintha. Lamulungu lililonse masana adzalemba pepala lathunthu kunyumba kwanga, ine ndili ndi wotchi, ndipo mphindi 30 za m'kati mwa sabata zidzakhala zokonza zomwe zaphonyeka papepalalo. Zimenezi zikufuna kuti wina aphike ndi kusamala amayi masana anayi amenewo. Ndinakakamba ndi achimwene. Anayamba ndi kuseka, akuti mpaka iwo agwire mthiko chifukwa cha x ndi y. Kenako anafunsa kuti ndi masiku ati, n'kuwalemba pakalendala ya kuchipinda.

Pomwe ndikulemba pano tili m'sabata ya 18. Mzere wa pachikuto cha kope unayambira pa 5, unafika pa 9 mu Januwale, unatsikira pa 7 sabata ya maliro ija, ndipo masabata atatu apitawa wakhala pa 11 ndi 12. Mitu ya mizere yozungulira ndi makona ake sitinaiyambe, ndipo ndikukayika ngati tidzaifike yonse. Lamulungu lapitali alamu anabwera ndi kope monga mwa nthawi zonse, koma atafika pakhomo anabwerera, akuti aiwala kulemba funso loyambira mawa. Anakhala pakhonde n'kulilemba kaye, kenako anandipatsa kopelo.